Ganyu wa pa foni si malipiro a wodwazika matenda

Pali mawu amene afala m'mabanja athu kuno ku Britain, ndipo ndikufuna kuti inu achinyamata muyambe kuwakana. Mayi akadwala sitiroko, kapena agogo akayamba kuiwalaiwala, banja limakhala pansi n'kuyang'ana amene alibe ntchito yokhazikika. Nthawi zambiri maso amagwera pa mtsikana amene wangomaliza sukulu. Ndiye mchimwene wamkulu, amene ali pa ntchito yake yabwinobwino mu mzinda wina, amati: "Iwe ukhale ndi amayi. Masiku ano ndalama zili pa intaneti. Uzigwira tintchito ta pa foni amayi akagona, ndipo akakuitana ukhoza kusiya nthawi iliyonse." Onse amavomereza, nkhani n'kuthera pomwepo. Aliyense amabwerera kwawo mtima uli m'malo, poganiza kuti wodwala wapeza womusamalira ndipo womusamalirayo wapeza ntchito.

Zoona zake n'zakuti wodwala yekha ndiye wapeza womusamalira. Mtsikana uja sadapeze ntchito. Wapeza ganyu, ndipo ndi ganyu amene amamulanga nthawi iliyonse imene wachita chimene banja lidamuikira pakhomopo.

Kwa inu amene mudakulira kuno, mawu akuti ganyu afunika kuwafotokoza. Kumudzi, miyezi ya njala ikafika, munthu amene chimanga chamuthera amapita kukapalira m'munda mwa mnzake. Samulipira pa mwezi kapena pa tsiku, koma pa mizere imene wamaliza. Ndalamayo imagula ufa wa tsiku limenelo, ndipo palibe amene angainyoze. Koma nthawi yopalira ndi imodzi kwa onse. Pamene akupalira kwa eni, munda wake ukulowa thengo, ndipo chaka chamawa njala idzamupeza msanga kuposa chaka chino. Tintchito ta pa foni timayenda chimodzimodzi. Kuyankha mafunso a kafukufuku, kulemba mawu amene wina adajambula, kuika zizindikiro pa zithunzi, kuyesa ngati tsamba la pa intaneti likuyenda bwino: zonsezi amalipira pa mzere. Mphindi zimene wakhala ukudikira, ukuwerenga malangizo, kapena ukufufuza kantchito kena, sizilowa m'buku la munthu aliyense.

Izi zidayezedwa kale. Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse, la ILO, lidatulutsa lipoti litafunsa anthu pafupifupi 3,500 a m'mayiko 75 amene amagwira tintchito totere. Lidapeza kuti pa ola lililonse lolipidwa, munthu amataya mphindi 20 pa zinthu zosalipidwa, monga kufufuza ntchito ndi kulemba mayeso oyenereza. Powerengera maola olipidwa okha, anthuwo ankapeza madola 4.43 pa ola. Atawerengera nthawi yonse, ndalamayo idatsika kufika pa madola 3.31. Amenewo ndi anthu osiyanasiyana, ndipo ambiri a iwo palibe amene amawaitana ali pakati pa ntchito. Nanga amene khutu limodzi lili ku chipinda cha wodwala?

Bodza lili pa mawu akuti "ukhoza kusiya nthawi iliyonse". Kusiya kulipo kuwiri. Ukhoza kusiya pakati pa kantchito kamodzi ndi kanzake, ndipo pamenepo palibe amene amakuletsa. Koma kusiya uli mkati mwa kantchito ndi nkhani ina. Masamba ambiri amayambitsa wotchi ukangovomera ntchito. Pa Amazon Mechanical Turk, mwini ntchito ndiye amaika nthawi imene kantchito kalikonse kayenera kutha, ndipo ikadutsa kantchitoko kamabwerera kwa anthu ena. Pa masamba a kafukufuku monga Prolific, kafukufuku aliyense ali ndi malire ake a nthawi. Tsono matenda sadikira kuti ufike pa mpata wabwino. Munthu wa sitiroko akafuna kupita kuchimbudzi, amafuna nthawi yomweyo. Akatsamwa ndi phala, sufunsa kuti kwatsala mafunso angati.

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo ndikudziwa mmene zinthu zimenezi zimamangidwira. Kusunga pamene munthu wasiyira kuti adzapitirize pambuyo pake si chinthu chovuta. Masewera a pa foni amachita zimenezi, ngakhale tsamba logulirapo nsapato limakumbukira zimene udaika m'dengu sabata yatha. Wotchi ija siidagwe kuchokera kumwamba, wina adaisankha. Zifukwa zake zilipo ndipo zina ndi zomveka: mwini ntchito safuna kuti munthu mmodzi atsekereze kantchito tsiku lonse, ndipo wofufuza amafuna mayankho a munthu amene maganizo ake sadadukizidwe. Koma funso ndi lakuti, ntchito ikadukizidwa, ndani amataya? Kampani sitaya kanthu, chifukwa kantchito kaja kamapita kwa wina m'mphindi yomweyo. Mwini ntchito sataya kanthu, chifukwa salipira chosamalizidwa. Wotaya ndi wodwazika matenda yekha. Ufulu wosiya umene amautsatsa uja, amene amaulipirira ndi iweyo.

Tiyeni tiwerenge ndi chitsanzo. Tiyerekeze kuti ndiwe mtsikana wa zaka 22, ukusamalira amayi ako ku Leicester, ndipo masana akagona umakhala pa laputopu maola awiri. Mphindi 25 zoyamba zapita ukudikira kuti ntchito ioneke. Mphindi 10 wayankha mafunso oyambirira a kafukufuku wina, kenaka akuuza kuti sakufuna munthu wa msinkhu wako, ndipo sulandira kanthu. Wamaliza makafukufuku awiri a mphindi 20, aliyense wa £3, ndiye wapeza £6. Wayamba wachitatu, wa theka la ola, koma utachita mphindi 15 amayi aitana. Kuwadzutsa, kuwayendetsa, kuwasambitsa m'manja ndi kuwagonekanso kwatenga nthawi, ndipo pobwerera wapeza wotchi yatha. Mphindi 15 zija zapita pachabe. Theka la ola lotsalalo waika zizindikiro pa zithunzi 60, chilichonse mapeni atatu, ndiye £1.80.

Zonse pamodzi ndi £7.80 pa maola awiri, kutanthauza £3.90 pa ola. Taona kuti makafukufuku aja ankalipira £9 pa ola, ndipo palibe amene adakunamiza pa mtengowo. Ola lako ndi limene lidadyedwa m'mbalimbali. Ukachita zimenezi masiku onse asanu ndi awiri, pa sabata wapeza £54.60 pa maola 14. M'chaka cha 2025/26, malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposa anali £12.21 pa ola. Maola 14 omwewo, ukadakhala ukupanga masangweji mu shopu, akadakupatsa £170.94. Lamulo limeneli silikuteteza pa tintchito ta pa foni, chifukwa makampaniwa sakuwerenga ngati wantchito wawo. Amati ndiwe wodzilemba wekha, ndiye palibe tchuthi cholipidwa, palibe penshoni, palibe malipiro a tsiku limene iwe mwini wadwala.

Pali chilango china chimene sichioneka tsiku lomwelo. Masamba amenewa amasunga mbiri ya ntchito zako: zingati zidavomerezedwa, zingati zidakanidwa. Pa Mechanical Turk si zachilendo kuti mwini ntchito afune anthu okhawo amene ntchito zawo 95 pa 100 zilizonse zidavomerezedwa. Munthu amene akuthamangira kumaliza chifukwa wamva wodwala akutembenuka pabedi amalakwitsa, ndipo amaphonya timafunso timene amatchera kuti aone ngati ukuwerengadi. Ntchito zikakanidwa zingapo, zolipira bwino zimasiya kuoneka, n'kutsala za mapeni zokhazokha. Choncho matenda akamakula, ganyu nayenso amanka nachepa, pa nthawi imene ndalama ikufunika kwambiri.

Wina anena kuti: "Koma a malume, £54 ndi ndalama. Ndi yanga, sindinapemphe munthu, ndipo maola awiri amenewo ndi nthawi yokhayo imene mutu wanga umachoka pa mankhwala ndi matewera." Zimenezi ndi zoona ndipo sindikuzipeputsa. Munthu amene wakhala miyezi akupempha mlongo wake ndalama yogulira mafuta odzola amadziwa kukoma kwa ndalama imene sufunika kuifotokozera munthu. Sindikunena kuti musiye. Ndikunena kuti ganyu azitchedwa ganyu, ndipo asamagwiritsidwe ntchito kutsekera pakamwa wodwazika matenda. Vuto limayamba pamene £54 ija yasanduka yankho la banja lonse, pamene "akupezako kenakake pa foni" yalowa m'malo mwa funso lakuti ndani abwera Loweruka kudzamulandira.

Ndipo pali ndalama ina imene mabanja athu ambiri saifunsa, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa chakuti kwathu kusamalira kholo sikuwerengedwa ngati ntchito. Ku England ndi ku Wales imatchedwa Carer's Allowance. M'chaka cha boma cha 2025/26 inali £83.30 pa sabata. Kuti ulandire uyenera kukhala wa zaka 16 kapena kuposa, ndipo uzisamalira munthuyo maola osachepera 35 pa sabata. Wodwalayo naye ayenera kukhala akulandira kale thandizo la boma la olumala kapena okalamba, monga Attendance Allowance kapena gawo la chisamaliro la PIP. Ngati uli pa sukulu maola 21 kapena kuposa pa sabata, sungalandire, ndipo lamulo limeneli limagwetsa achinyamata ambiri. Ngati chitupa chako chokhalira m'dziko muno chimakuletsa kulandira thandizo la boma, usapemphe usanafunse alangizi, chifukwa ndalama imeneyi ili m'gulu la zoletsedwazo. A Citizens Advice ndi a Carers UK amalangiza kwaulere, ndipo angakuuzenso ngati pempho lako lingachepetse zimene wodwalayo amalandira.

Ndalama imeneyi nayonso ndi yochepa mochititsa manyazi. Ukagawa £83.30 ndi maola 35 umapeza £2.38 pa ola, pomwe aliyense amene adadwazikapo amadziwa kuti maola ake sathera pa 35. Komabe imaposa zimene mtsikana wathu uja wapeza atakhala pa laputopu sabata yonse, imabwera ngakhale sabata imene amayi sadagone masana, ndipo imamuwerengera zaka za penshoni ya boma. Ganyu wa pa foni sachita chilichonse mwa zimenezi.

Tsopano mvetsetsani msampha umene uli pamene ndalama ziwirizi zimakumana. Wolandira Carer's Allowance ali ndi malire a ndalama zimene angapeze pa ntchito. M'chaka cha 2025/26 malirewo anali £196 pa sabata, atachotsapo msonkho ndi zina zololedwa. Malire amenewa ndi phompho. Ukadutsa ndi paundi imodzi sakuchotsera paundi imodzi, umataya ndalama yonse ya sabata imeneyo. Ndalama za ntchito yodzilemba wekha zimawerengedwa pamodzi ndi za ntchito yolembedwa.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Tiyerekeze kuti Loweruka ndi Lamlungu mng'ono wake amakhala ndi amayi, ndipo iye amagwira maola 13 mu shopu. Pa £12.21 pa ola, ndi £158.73, ndipo ali mkati mwa malire. Akawonjezera £54.60 ya pa foni, zonse zafika £213.33, ndiye wadutsa. Wathamangitsa £54.60 n'kugwetsa £83.30. Choopsa n'chakuti ndalama ya boma siima yokha tsiku limenelo. Imapitiriza kulowa mu akaunti, ndipo kalata ikadzabwera imanena kuti abweze zonse zimene adalandira ali pamwamba pa malire. Masabata 26 oterewa ndi ngongole ya £2,165.80. Zimenezi zidachitikira anthu ambiri osamalira odwala, mpaka mu 2024, nyuzipepala ya Guardian itafukula nkhanizi, boma lidapempha Liz Sayce kuti afufuze mmene ngongolezo zidakulira chonchi. Malire aja adakwezedwa kuchoka pa £151, koma phompho likadalipo. Choncho uza nthambi ya boma ya DWP za ndalama iliyonse imene ukupeza, ngakhale ya mapeni. Funsa mmene awerengere ndalama zimene zimasintha sabata ndi sabata, ndipo sunga yankho lawo lolembedwa.

Ambiri amasokonezeka chifukwa adamva kuti ndalama zosapitirira £1,000 pa chaka sizifunika kunenedwa. Lamulo limenelo lilipo, koma ndi la msonkho, la a HMRC, ndipo silikhudza malire a Carer's Allowance. Ndi maofesi awiri, aliyense ndi buku lake. Ndiponso £1,000 ija siili patali monga imamvekera: pa £54.60 pa sabata, waidutsa pa sabata ya 19.

Ngati wasankha kugwira ganyuyu, ugwire maso ali tcheru. Usanavomere kantchito, dziwa zinthu zitatu. Choyamba, kodi pali wotchi, ndipo ikupatsa nthawi yochuluka bwanji kuposa imene ntchitoyo imafuna? Chachiwiri, kodi ukatseka laputopu, zimene wachita zimasungidwa? Chachitatu, kodi pali njira yobwezera ntchito mwaulemu? Masamba ena ali ndi batani lolembedwa Return, ndipo kubweza ntchito kumakutayitsa nthawi yokha, pomwe kutumiza ntchito yothamangira n'kukanidwa kumadetsa mbiri yako. Wodwazika matenda amayeneredwa ndi ntchito za mitundu iwiri: zazifupi kwambiri, za mphindi imodzi kapena ziwiri, zimene ukazisiya sutaya zambiri, kapena zazitali zimene tsiku lomalizira lili patali, monga kumasulira kapena kukonza zolembedwa. Zoipitsitsa ndi zapakati, za theka la ola ndi wotchi pamwamba. Pa ntchito yolemba mawu ojambulidwa, kumbukira kuti mtengo amautchula pa mphindi ya mawuwo, osati pa mphindi yako, ndipo ola limodzi la mawu limatenga maola anayi kapena kuposa kuti ulilembe.

Kenaka tenga kabuku, ndipo kwa masabata awiri lemba nthawi imene watsegula laputopu, nthawi imene watseka, ndi ndalama imene yalowadi m'manja mwako, osati imene ikuoneka kuti ikudikira kuvomerezedwa. Gawa ndalamayo ndi maola onse. Nambala imene ituluke ndiyo malipiro ako enieni. Ndipo aliyense amene akutumizira uthenga pa WhatsApp wokulonjeza mapaundi mazana pa tsiku, kenaka n'kukuuza kuti uyambe waikapo ndalama yako kuti ntchito zitseguke, ameneyo ndi wakuba. Amayamba wakulipira pang'ono kuti umukhulupirire. Ganyu weniweni, ngakhale woipa chotani, sapempha kuti wopalira alipire mwini munda.

Kabuku kameneka si kako wekha. Kaike pa tebulo tsiku limene banja lakumana. Kwathu kudwazika matenda sikunali kwa munthu mmodzi. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, magadiyani amalandirana: uyu agona pansi pambali pa bedi sabata ino, mnzake abwera ndi ufa ndi nkhuni sabata yamawa. Ndi moyo wowawa ndipo sindikuutamanda, koma aliyense amaona ndi maso kuti pali munthu amene wasiya munda wake. Kuno tidabweretsa lamulo lakuti kholo silitayidwa, koma kulandirana kuja tidakusiya pa bwalo la ndege. Foni yathandiza kubisa zimenezi, chifukwa munthu amene ali pa laputopu amaoneka ngati ali pa ntchito. Mutu umodzi susenza denga, ndipo susenza ngakhale uli ndi intaneti.

Kwa inu achimwene ndi achemwali amene muli kutali, funso si lakuti mng'ono wanu akupeza zingati pa foni. Funso ndi lakuti mum'patsa maola angati osadukizidwa. Bwerani nokha, kapena sonkhani mulipire wosamalira odwala masana awiri pa sabata. Maola anayi amene iye akudziwa kuti palibe amene amuitane angamulole kuphunzira kosi, kugwira shifiti yeniyeni, kapena kungogona. Ku England, lamulo la chisamaliro la 2014 limapatsa wosamalira wodwala aliyense wamkulu ufulu wopempha khonsolo kuti iwunike zosowa zake, kwaulere, ndipo nthawi yopuma ndi imodzi mwa zinthu zimene amakambirana. Inu amene muli pa ntchito yolembedwa, kuyambira mu Epulo 2024 lamulo limakulolani kutenga sabata imodzi pa chaka yosamalira wachibale wodwala. Ndi yosalipidwa, inde. Mng'ono wanu wakhala akupereka masabata osalipidwa chiyambire.

Ndipo kwa iwe amene uli pakhomopo: zaka za pakati pa 20 ndi 25 ndi nthawi yopalira munda wako. Anzako akuphunzira ntchito, akulakwitsa, akukwezedwa, akupeza anthu amene adzawachitire umboni pofunsira ntchito ina. Zithunzi zikwi khumi zimene waika zizindikiro sizidzakulembera kalata. Kusamalira kholo ndi chinthu chimene ungasankhe ndi mtima wonse, ndipo ambiri amene adachita sadandaula. Koma kukhale kusankha kumene banja lonse lawerengera mtengo wake n'kugawana. Tsiku limene wina adzanenanso kuti ukhoza kusiya nthawi iliyonse, mutsegulire kabuku kaja, umuonetse £3.90, kenaka umufunse kuti abwera tsiku liti.